ZA UMOYO WATHU: Chigamba, chingamu ndi switi zosiyira fodya zimasiyana muyezo

Kuno ku Angoniya fodya ndi ndalama. Ndi fodya amene wafolera nyumba zambiri ndi malata kuyambira ku Domwe mpaka ku Kalomwe, ndipo ndi fodya yemweyo amene akutsokomoletsa abambo ambiri mpaka kulephera kukwera chitunda ndi thumba la mbatatesi pa njinga. Ambiri mwa iwo anayesapo kusiya. Amalumbira Lamulungu, Lolemba nkupirira, koma pofika Lachitatu amakhala atakalipira mayi ndi ana opanda chifukwa, ndipo madzulo ake amapezeka kuseri kwa chigafa akupichira chingambwe pa pepala la kope ya mwana.

Masiku ano ena akumabwera ndi mankhwala othandiza kusiya fodya kuchokera ku Tete, ku Lilongwe ngakhalenso ku Joni. Pa mabokosi ake pamalembedwa maina monga Nicorette, NiQuitin kapena Nicotinell, ndipo malangizo ake amakhala m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere. Mankhwalawa ali m'mitundu itatu yomwe imapezeka kawirikawiri: chigamba chomata pakhungu ngati pulasitala, chingamu, ndi switi yovumata. Onsewa ndi ovomerezeka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika chigamba ndi chingamu pa mndandanda wa mankhwala ofunika m'chaka cha 2009, ndipo switi inaonjezedwa mu 2023. Vuto ndi loti munthu akangotola bokosi lomwe mlamu wake wamubweretsera, osayang'ana muyezo, amataya ndalama ndipo amatsala akunena kuti mankhwala a azungu ndi bodza.

Chomwe chimamanga munthu ku fodya ndi mankhwala otchedwa nikotini, omwe ena amangoti chikonga. Munthu akakoka utsi, nikotini amafika ku ubongo m'timphindi tosakwana 20, asanatulutse nkomwe utsi wachiwiri, ndipo ndudu imodzi imasiya m'thupi nikotini wokwana pafupifupi miligalamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Thupi likazolowera limayamba kumufuna, ndipo akasowa ndi pamene pamabwera chibaba, ukali, kusowa tulo ndi kusakhazikika maganizo. Koma chomwe chimaononga mapapo ndi kuyambitsa khansa makamaka ndi utsi: phula lake, komanso mpweya woipa wofanana ndi uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mwezi wa Juni. Choncho nzeru ya mankhwalawa ndi yopatsa thupi nikotini wopanda utsi, pa muyezo wodziwika, kenaka nkumachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi iwiri kapena itatu mpaka thupi litaiwala. Kafukufuku wochuluka anaonetsa kuti njirayi imaonjezera mwayi wosiyiratu ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Tanthauzo lake ndi loti pomwe anthu 10 mwa 100 akanasiya paokha, ndi mankhwalawa angasiye 15 kapena 16. Sizozizwitsa ayi, koma mlimi amene feteleza wamuonjezera theka la zokolola sanyoza.

Chigamba ndicho chosavuta kufotokoza. Chimamatidwa kamodzi patsiku, m'mawa, ndipo chimatulutsa nikotini pang'onopang'ono kudzera pakhungu, monga madzi odontha pa ndowa yobooka pansi. Sichithamanga. Pamatenga maola angapo kuti mphamvu yake ifike pachimake, kotero munthu amene chibaba chamugwira tsopano lino sangachithetse pomata chigamba. Ntchito yake ndi yoti chibabacho chisamabwere ndi ukali tsiku lonse.

Muyezo wa chigamba umatsata chiwerengero cha ndudu. Pa zigamba zovala usana ndi usiku, za maola 24, pali misinkhu itatu: mamiligalamu 21, 14 ndi 7, ndipo pa bokosi mamiligalamu amalembedwa mwachidule kuti mg. Munthu wosuta ndudu zoposa 10 patsiku amayamba ndi cha 21 kwa masabata 6, nkutsikira pa cha 14 kwa masabata awiri, nkumalizira cha 7 kwa masabata awiri. Wosuta 10 kapena kucheperapo amayambira pa cha 14 kwa masabata 6, nkumalizira cha 7 kwa masabata awiri. Palinso zigamba za maola 16, zomata m'mawa ndi kumatula pogona, zomwe misinkhu yake ndi 25, 15 ndi 10. Manambala a mitundu iwiriyi asasokonezedwe. Wina akaona 25 angaganize kuti wagula champhamvu kwambiri koposa cha mnzake cha 21, pamene zonsezo ndi poyambira pa wosuta kwambiri. Makampani ena amasiyanitsa pang'ono masabata ndi chiwerengero cha ndudu, choncho pepala la m'bokosi liyenera kuwerengedwa ndi munthu wodziwa chiyankhulocho, ndipo lisatayidwe kapena kupichiridwa fodya.

Chingamu ndi switi kawirikawiri zimakhala ndi misinkhu iwiri, mamiligalamu 2 ndi 4, ndipo posankha funso lake ndi lina. Funso ndi lakuti: munthuyu akadzuka m'mawa, pamapita nthawi yotani asanasute? Ngati amayatsa fodya mphindi 30 zisanathe, asanasukusule nkomwe, thupi lake lamangika kwambiri ndipo akufunika cha 4. Ngati amatha kupita kumunda, kulima mizere ingapo, nkudzasuta dzuwa litakwera, cha 2 chimukwanira. Mabokosi ena a chingamu amawerenga ndudu, kunena kuti woposa 20 patsiku atenge cha 4. Koma kwa anthu a kumudzi funso la m'mawa lija ndilo lothandiza, pakuti chingambwe sichifanana kukula. Wina amapichira chonenepa ngati chala chachikulu, wina chowonda ngati udzu, ndipo chilibe kathonje kosefa utsi. Munthu woti amasuta zisanu ndi zitatu zokha koma zonenepa, woyamba akadali pa mphasa, asadziwerengere m'gulu la osuta pang'ono.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwa. Amaona ngati chingamu ndi chotafuna pokhapokha chibaba chikavuta, kawiri kapena katatu patsiku, pofuna kuti bokosi lichedwe kutha. Muyezo wake sutero. M'masabata 6 oyamba munthu amayenera kutafuna chidutswa chimodzi pa ola lililonse kapena pa maola awiri alionse, ndipo zisachepere 9 patsiku. Sabata la 7 mpaka la 9 ndi chimodzi pa maola awiri mpaka anayi, ndipo sabata la 10 mpaka la 12 chimodzi pa maola anayi mpaka asanu ndi atatu. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Nikotini wa m'chingamu satuluka yense, ndipo mwa wotulukayo wina amamezedwa ndi malovu, moti chidutswa cha mamiligalamu 2 chimapereka ku magazi pafupifupi theka lokha. Munthu amene ankasuta ndudu 20 akatafuna zidutswa zitatu patsiku ali ngati waganyu wozolowera mitanda isanu ya nsima amene wapatsidwa chikho cha phala. Sangafike nacho madzulo. Malire a pamwamba amasiyana: mabokosi ena amati osapyola 15 patsiku, ena 24, ndipo wogula atsate bokosi lake.

Katafunidwe kake nakonso ndi kachilendo, chifukwa dzina loti chingamu limanamiza. Chingamu cha pa golosale mwana amachitafuna mosalekeza mpaka kukoma kutatha. Ichi chimatafunidwa pang'onopang'ono kangapo chabe, mpaka mkamwa mutamveka kuyabwa ngati tsabola, kenaka chimaikidwa pakati pa tsaya ndi nkhama nkuchisiya. Kuyabwa kukazirala, chimatafunidwanso kangapo nkuchiikanso kutsaya, mbali ina. Zimatero kwa mphindi 30, kenaka chilavulidwe pomwe mwana kapena galu sangachitole. Nikotini amalowa m'magazi kudzera pa khungu lofewa la mkamwa. Wotafuna mothamanga amamumeza, ndipo nikotini womezedwa ambiri amaphwanyidwa ndi chiwindi asanagwire ntchito, nkungosiya chidikhwidikhwi, chilungulira, kuwawa kwa pakhosi ndi mseru. Munthu akadandaula kuti chingamu chikumuwawitsa m'mimba koma chibaba sichikutha, kawirikawiri vuto ndi mano ake othamanga.

Pali lamulo lina lomwe limakhudza chingamu ndi switi mofanana: osadya kapena kumwa kanthu kwa mphindi 15 asanaike mkamwa, komanso pamene chili mkamwa. Agogo amene amasakaniza fodya wawo wopera ndi phulusa kapena soda kuti akhale waukali akudziwa kale chinsinsi chake ngakhale sanapite ku sukulu: nikotini amalowa bwino mkamwa mopanda zowawasa. Zowawasa zimamutsekera njira. Choncho thobwa logonera, khofi, zakumwa za m'mabotolo, mowa, mandimu, bwemba ndi mapichesi osapsa bwino, zonsezi zikangodutsa mkamwa chingamu chimasanduka mphira wamba. Wopita kudimba ndi chigubu cha thobwa ayenera kusiyanitsa nthawi ya thobwa ndi nthawi ya mankhwala.

Switi imatsata ndondomeko ya masabata 12 yomweyo, koma siitafunidwa, siimezedwa ndipo siiyamwidwa mwamphamvu. Imavumatidwa kutsaya, nkumaisuntha mbali ndi mbali mpaka itasungunuka yokha, zomwe zimatenga mphindi 20 mpaka 30, ndipo timaswiti ting'onoting'ono timatha msanga kuposa apo. Popeza imasungunuka yonse, imapereka nikotini wochulukirapo pang'ono kuposa chingamu cha nambala yomweyo. Malire ake pa mabokosi ena ndi maswiti 5 pa maola 6 ndi 20 patsiku, pa ena ndi ocheperapo, ndipo imavumatidwa imodzi nthawi imodzi. Ndiyo yoyenera munthu wa mano ogweruka, wa mano ochita kuika ku chipatala omwe chingamu chimawamatirira, komanso wa nsagwada zowawa. Ndiyonso yoyenera bambo wa ulemu wake, mkulu wa mpingo kapena nyakwawa, amene sangalole kuonedwa akutafuna chingamu pa bwalo la milandu ngati mnyamata wa pa msika wa Lizulu.

Kuti zimveke bwino, nachi chitsanzo cha bambo wa zaka 52, mlimi wa fodya ndi mbatatesi cha ku Domwe. Amasuta chingambwe 14 patsiku, choyamba asanatsegule chitseko, ndipo mano a kumbuyo anatha. Pa funso la chiwerengero wapyola 10, choncho chigamba chake ndi cha 21. Pa funso la m'mawa wamangika kwambiri. Pa nkhani ya mano, chingamu chagwa. Akanati agwiritse ntchito switi yokha, akanatenga ya 4, osachepera 9 patsiku. Koma munthu womangika chotere zimamuyendera bwino akaphatikiza ziwiri: chigamba chogwira pansi tsiku lonse, ndi switi ya 2 yothira pamwamba chibaba chikabuka. Kuphatikiza kotere nkololedwa, malangizo a WHO a mu 2024 amakulimbikitsa, ndipo kafukufuku anapeza kuti kumaonjezera mwayi wosiya ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi mtundu umodzi wokha. Pophatikiza sipafunikanso maswiti 9 patsiku. Asanu kapena asanu ndi imodzi amakwanira ambiri, ndipo amaikidwa pa nthawi zomwe mwini wake akudziwa kuti ndi zoopsa: podzuka, pakapita mphindi 15 atadya nsima, ndi madzulo pa bawo pomwe anzake akusuta.

Bamboyu asanayambe ayenera kuwerengera katundu. Masabata 6 a chigamba cha 21 ndi zigamba 42. Masabata awiri a cha 14 ndi zigamba 14, ndipo a cha 7 ndi 14 zinanso. Zonse pamodzi ndi 70, kutanthauza mabokosi 10 ngati bokosi lili ndi zigamba 7. Amene wasankha chingamu chokha awerengere zambiri: 9 patsiku kwa masiku 42 ndi zidutswa 378, ndipo akaonjeza pafupifupi 5 patsiku kwa masabata atatu ndi 3 patsiku kwa masabata atatu omaliza, zimapyola 500. Kuwerengera kumeneku nkofunika kuno kumalire kuposa m'tauni, chifukwa munthu sangathamangire ku sitolo ya mankhwala ya mumzinda usiku bokosi likatha. Kuyamba ndi bokosi limodzi la masiku 7 lomwe mlamu anabweretsa pa Khirisimasi, popanda njira yopezera lachiwiri, kuli ngati kuthira feteleza wokulitsa popanda wobereketsa. Masiku ovuta kwambiri ndi a sabata loyamba, koma zizindikiro za kusiya fodya zimatenga masabata awiri mpaka anayi kuti zizirale, ndipo chibaba chimabwererabe pambuyo pake. Ndi bwino kudikira mpaka pamene ndalama za fodya zalandiridwa, nkugula zokwanira masabata 6 oyamba nthawi imodzi.

Tsiku loyamba, bamboyu amata chigamba m'mawa pa khungu louma, loyera, lopanda cheya chambiri ndiponso losadzola mafuta: kumtunda kwa mkono, pachifuwa, pamsana kapena m'chiuno. Achikanikize ndi chikhatho kwa timphindi 10 mpaka 20, makamaka m'mbali mwake, kenaka asambe m'manja ndi madzi. Mawa lake amatule chakale nkumata chatsopano pamalo ena, ndipo malo akale asabwererepo mpaka patatha sabata. Kufiira ndi kuyabwa pang'ono komwe kumatha tsiku lomwelo kapena lotsatira nkwachizolowezi. Koma khungu likatupa, likatuluka matuza, kapena kufiira kukakhala masiku anayi, asiye chigamba apite ku chipatala akasinthe njira.

Mavuto a mlimi ndi osiyana ndi a kalaliki wa mu ofesi. Loyamba ndi thukuta. Chigamba chomata pa mkono wogwira khasu chimamatuka dzuwa lisanafike paliwombo. Pamsana chakumtunda kapena m'chiuno chimakhalitsa, ndipo m'mbali mwake mukhoza kumatidwa pulasitala wa ku chipatala. Chikagwa nkutayika amate china, koma mawa asinthe pa nthawi yake ya masiku onse. Lachiwiri ndi maloto. Ena ovala chigamba usiku amalota zoopsa kapena kusowa tulo, mpaka kuyamba kuganizira anthu a m'mudzi kuti akuwatamba. Ndi nikotini chabe. Mankhwala ake ndi kumatula chigamba pogona. Koma kwa bambo wathu wosuta pa mphasa, kumatula usiku kumatanthauza kudzuka thupi lili lopanda nikotini, chigamba chatsopano chisanayambe kugwira, ndipo apa ndi pomwe switi ya m'mawa imakhala yofunika koposa zonse. Aigoneke pafupi, m'thumba la jekete lopachika pomwe ana safikira.

Vuto lachitatu ndi la alimi a fodya okha, ndipo pa mabokosi ochokera ku Ulaya silinalembedwe. Tsamba laliwisi la fodya, likanyowa ndi mame kapena mvula, limalowetsa nikotini pakhungu la munthu wothyola monga momwe chigamba chimachitira. Aliyense amene anathyolapo fodya m'mamawa mwezi wa Febuluwale akudziwa chizungulire, mutu, mseru ndi kusanza komwe kumagwira ena masana, makamaka achinyamata osazolowera. Munthu wovala chigamba cha 21 amene walowa m'munda wonyowa malaya ali chinyowere akulandira nikotini kuchokera mbali ziwiri. Choncho ngati nkotheka asankhe tsiku losiya fodya nyengo yothyola itatha. Ngati wayamba kale, adikire mame aume, avale zamanja zazitali kapena pulasitiki, asinthe malaya onyowa ndi kusamba ndi sopo akaweruka.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti muyezo wachuluka kapena wachepa? Zizindikiro zake nzosiyana. Ukachuluka pamabwera mseru, malovu ambiri, thukuta lozizira, mutu, chizungulire ndi mtima kugunda mothamanga, zofanana ndi za munda wonyowa zija. Zikatero amatule chigamba, atsuke pamalopo ndi madzi okha opanda sopo, ndipo akaonane ndi achipatala kuti atsike msinkhu. Zikakula mpaka kusanza kosalekeza, kufooka kapena kuwawa pachifuwa, apite ku chipatala cha Ulongwe kapena chilichonse chapafupi nthawi yomweyo. Ukachepa ndiye kumakhala ukali, kusakhazikika, njala yosatha ndi maganizo a fodya tsiku lonse. Mwa ziwirizi, chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kuchepa. Anthu amaopa mankhwala kuposa momwe ankaopera fodya. Bambo wathu akatsikira pa cha 14 sabata la 7 nkuona kuti chibaba chabwerera mwamphamvu, palibe cholakwika kubwerera pa cha 21 kwa masabata ena awiri. Masabata olembedwa pa bokosi si lamulo la boma, ndipo kupitiriza mankhwalawa miyezi ingapo nkwabwino kutali kuposa kubwerera ku utsi.

Likhoza kufikanso tsiku la maliro kapena la ukwati, bambo nkulawa kachasu, mnzake nkumupatsira ndudu. Ambiri zikatero amamatula chigamba poopa kuti afa, kenaka amati basi zalephereka nkugula fodya wa sabata lonse. Ndudu imodzi pamwamba pa chigamba ingamupatse mseru ndi chizungulire, koma njira yoyenera ndi kusiya chigamba pamalo pake, kutaya fodya wotsala, ndi kupitiriza ndondomeko mawa lake ngati kale. Chosayenera ndi kudula chigamba pakati ndi lumo pofuna kuti chikwane masiku awiri. Opanga amaletsa, chifukwa muyezo wake sudziwikanso, ndipo zigamba zina zikadulidwa zimatulutsa mankhwala mosalongosoka.

Mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, wosuta ndudu 6 zogula imodziimodzi, yoyamba cha m'ma 10 koloko podikira makasitomala, nkhani yake njaifupi. Chingamu cha 2 chimukwanira, chifukwa chibaba chake chimabwera pa nthawi zodziwika ndipo mano ali nawo onse. Akafuna chigamba, chake ndi cha 14. Chokhacho ayambe kutafuna akangoima pa siteji, asadikire kuti chibaba chimugwire, pakuti chingamu chimatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti chifike pa mphamvu yake pamene ndudu inkamufikira nthawi yomweyo.

Amayi achikulire ambiri sasuta koma amanunkhiza kapena kuvumata fodya wopera, ndipo iwo alibe ndudu zoti awerenge. Kwa iwo funso la m'mawa lija ndilo lokhalo lomwe lingagwire ntchito, ndipo switi ndiyo imafanana ndi chizolowezi chawo chokhala ndi kanthu kutsaya. Muyezo wake akambirane ndi achipatala, atatenga kabotolo kawo ka fodya kuti aonetse kuti kamatha masiku angati.

Pali anthu ena amene sayenera kuyamba mankhwalawa paokha. Amene wangodwala kumene matenda a mtima m'masabata awiri apitawa, amene wafa ziwalo chaposachedwa, amene mtima wake umagunda mosalongosoka kapena amamva kuwawa pachifuwa ngakhale atangokhala, ayambe waonana ndi dokotala. Wa bipi yosatsika ndi mankhwala achitenso chimodzimodzi. Wa matenda a shuga ayezetse kawirikawiri m'masabata oyamba, chifukwa kusiya fodya kumasintha shuga m'thupi. Wa zilonda za m'mimba chigamba chimamuyenera kuposa chingamu ndi switi, pamene wa matenda a pakhungu ofalikira zimamuyenera za mkamwa. Amene akumwa mankhwala a mphumu a mtundu wa aminofilini kapena mankhwala ena a matenda a maganizo auze achipatala kuti akusiya fodya, popeza utsi ukachoka mankhwala amenewo amachedwa kutuluka m'thupi ndipo muyezo wake ungafunike kutsitsidwa. Mnyamata kapena mtsikana wosakwana zaka 18 adzere ku chipatala, ndipo munthu wowonda kwambiri, wosakwana makilogalamu 45, kawirikawiri amayambira pa chigamba chapakati.

Mayi woyembekezera ayambe wayesa kusiya popanda mankhwala, mothandizidwa ndi anamwino a ku sikelo. Zikakanika, nikotini wopanda utsi ndi wochepa ngozi kwa mwana kuposa fodya, koma anamwino ndiwo asankhe. Kawirikawiri amakonda chingamu kapena switi chifukwa zimapatsa mwana wa m'mimba nthawi yopuma, ndipo ngati mseru wa pakati sukulola za mkamwa, chigamba chimavalidwa masana okha nkumatula usiku. Woyamwitsa atafune kapena kuvumata akangomaliza kuyamwitsa, kuti pofika nthawi ina ya bere nikotini akhale atachepa mu mkaka.

Ngozi yaikulu pa mankhwalawa m'nyumba za kumudzi ili kwa ana. Switi ya nikotini imaoneka ngati switi ina iliyonse, chingamu chimanunkhira bwino, ndipo mwana wa zaka zitatu sadziwa kusiyanitsa. Muyezo womwe bambo wosuta saumva nkomwe ukhoza kudwalitsa mwana kwambiri. Chigamba chomwe chagwira ntchito tsiku lonse chimatsalabe ndi nikotini wambiri, choncho chipindidwe pakati, mbali yomata ikumane yokha, nkuponyedwa m'chimbudzi chokumba, osati kudzala komwe ana, agalu ndi nkhumba amafukula. Mwana akapezeka atameza switi kapena atadzimata chigamba, chichotsedwe msanga, khungu litsukidwe ndi madzi okha, ndipo asamukakamize kusanza kapena kudikira kuti aone ngati adwale. Athamangire naye ku chipatala atanyamula bokosi la mankhwalawo, kuti adokotala aone nambala ya mamiligalamu ndi kuwerenga kuti mwasowa angati.